Kalata Yopempha Ngongole ya Nkhuku kwa Amalume

Kalata yopempha ngongole kwa amalume imayamba ndi malonje ngati kalata ina iliyonse yaubale, koma m'kati mwake iyenera kuyankha mafunso amene aliyense wotulutsa ndalama amakhala nawo: zikufunika zingati, zikagwira ntchito yanji, ndipo zidzabwerera liti. Pa ulimi wa nkhuku mafunso amenewa savuta kuyankha, chifukwa mtengo wa mwanapiye umadziwika, chakudya chimene nkhuku imodzi imadya mpaka kukula chimadziwika, ndipo masiku amene imatenga kuti ifike pogulitsidwa amadziwikanso. Kalata imene ilibe manambala amenewa amalume amaiwerenga ngati dandaulo wamba, ndipo yankho lake kawirikawiri limakhala lakuti "tiona mwezi ukatha".

Pakati pa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe, amalume, omwe ena amati atsibweni, ndi mlongo wa amayi, ndipo ndiwo mwini mbumba. Ana a alongo awo amakhala ndi ufulu wowadandaulira. Koma udindo womwewo ndi umene umachititsa kuti amalume amene ali pantchito azilandira mapempho ambiri: fizi ya uyu, feteleza wa agogo, bokosi la maliro, thiransipoti ya wodwala. Zonsezi ndi ndalama zopita osabwerera. Wolemba kalata ya ngongole ayenera kuonetsa msanga kuti pempho lake si la mtundu umenewo. Akangolemba kuti "mundithandizeko kandalama koyambira bizinesi", iye akhoza kumaganiza kuti wapatsidwa, amalume n'kumaganiza kuti abwereketsa, ndipo nkhani yotere imadzaphulika pamaliro kapena paukwati abale onse ali pomwepo. Mawu akuti ngongole ayenera kulembedwa poyera. Kumadera kumene ana amatsata mtundu wa bambo, kalata yomweyi imapita kwa bambo aakulu kapena bambo aang'ono, ndipo kalembedwe kake sikasintha.

Kulemba kumaposa kuimba foni pa chifukwa china chimene achinyamata ambiri sachiganizira. Amalume ali ndi banja lawo, ndipo ndalama zokwana masauzande mazana atatu sizituluka m'nyumba mayi akunyumbako osadziwa. Kalata imawapatsa chinthu choti aonetse akazi awo, awerengere limodzi, agone nacho masiku awiri. Ingatumizidwe papepala kapena kujambulidwa ndi kutumizidwa pa WhatsApp, bola ikhale yathunthu, osati timauthenga tiduswatiduswa.

Nkhuku zake ziti

Kalata isanalembedwe, wolemba asankhe mtundu wa nkhuku, chifukwa ndiwo umalamula nthawi yobweza. Nkhuku zoikira mazira zimayamba kuikira zikakwana masabata 18 mpaka 20, ndipo miyezi yonseyo zimangodya osabweretsa kanthu. Nkhuku zachikuda ndi za Mikolongwe sizilira ndalama zambiri, koma zimatenga miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi kuti zifike pogulitsika. Kwa munthu wogwiritsa ntchito ndalama zobwereka, amene mwini wake akuwerenga masiku, zoyenera ndi nkhuku zanyama, mabuloila, zimene zikadya bwino zimafika pafupifupi makilogalamu awiri pa masabata asanu ndi limodzi.

Chitsanzo chimene chitsatidwe pano ndi cha mnyamata wa ku Mponela amene akufuna kuyamba ndi anapiye 50, ndipo amalume ake amagwira ntchito ku Lilongwe. Anapiye 50 ndi chiwerengero chabwino choyambira. Amakwana m'chipinda cha mamita awiri m'lifupi ndi atatu m'litali, munthu mmodzi amawasamalira yekha, ndipo zikavuta ngongole yake siigwetsa banja. Amene amalemba kuti ayamba ndi anapiye 500 asanawetepo ngakhale khumi amangowaopsa amalume.

Mitengo imene ili m'chitsanzochi ndi yoonetsera kawerengedwe kake. Mitengo ya anapiye ndi chakudya imasintha msanga, makamaka kwacha ikagwa, monga zinachitikira mu Meyi 2022 pamene inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndi mu Novembala 2023 pamene inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Wolemba apite yekha kusitolo yogulitsa anapiye ndi chakudya cha ziweto sabata yomwe akulemba kalatayo, afunse mtengo wa chinthu chilichonse, ndipo m'kalatamo atchule tsiku limene anafunsa. Mtengo womva kwa mnzake amene anaweta chaka chatha ndi wosathandiza.

Zolowa

Anapiye 50 a tsiku limodzi, pa K2,200 mmodzi, akwana K110,000. Ambiri amaganiza kuti apa ndiye pamene pagona ndalama, koma ayi. Ndalama zagona pa chakudya. Buloila mmodzi amadya pafupifupi makilogalamu anayi kuchokera tsiku loyamba mpaka sabata yachisanu ndi chimodzi, kutanthauza kuti nkhuku 50 zimamaliza makilogalamu 200, omwe ndi matumba anayi a makilogalamu 50. Alimi ambiri amagula thumba limodzi la sitata, limodzi la gulowa ndi awiri a finisha. Pa K85,000 thumba limodzi, chakudya chokha ndi K340,000, kuposa theka la ndalama zonse.

Apa m'pamene makalata ambiri amanama, nthawi zina mosadziwa. Wolemba amaika matumba awiri okha kuti pempho lioneke laling'ono, akuganiza kuti akafika pakati adzasakaniza ndi madeya. Koma buloila amadya pang'ono ali wamng'ono, n'kudya kwambiri m'masabata awiri omaliza, ndiye chakudya chimatha nthawi imene nkhuku zikufunika kunenepa. Madeya okha alibe zomanga thupi zokwanira. Nkhuku zimasiya kukula, pa masabata asanu ndi limodzi zimakhala zopepuka, ndipo mwini wake amakakamizika kuzigulitsa motchipa kapena kulembanso kalata yachiwiri yopempha zowonjezera. Kalata yachiwiri yotereyo ndi imene imapha chikhulupiriro.

Zotsala ndi zazing'onozing'ono koma sizisiyidwa. Katemera wa chitopa ndi wa gumbolo, mavitamini a masiku oyamba ndi mankhwala opopera m'khola zingatenge K25,000. Katemera amagulitsidwa m'timabotolo tokwanira nkhuku mazanamazana, ayenera kusungidwa pozizira, ndipo akangosungunulidwa m'madzi amatha mphamvu pakangopita maola ochepa, choncho mlimi wa nkhuku 50 amalipira botolo lonse pokhapokha atagawana ndi anzake oweta tsiku lomwelo. Masiku operekera katemera amanenedwa ndi amene agulitsa anapiye, ndipo onse amagwa m'masabata atatu oyamba. Makala otenthetsera anapiye, omwe sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 kapena 33, aikidwe pa K30,000. Mu Juni ndi Julayi amapita ochuluka kuposa mu Novembala. Utuchi kapena mankhusu a mpunga oyala pansi ndi K10,000. Zodyeramo ndi zomweramo ndi K40,000, ndipo zimenezi zimagulidwa kamodzi. Thiransipoti yonyamulira anapiye ndi matumba ndi K15,000. Pamwamba pa zonsezi paikidwe K30,000 ya zadzidzidzi, monga mankhwala nkhuku zikayamba kutsegula m'mimba kapena thumba la finisha likakwera mtengo nkhuku zili pakati. Zonse pamodzi zikukwana K600,000.

M'chiwerengero chimenechi mulibe khola, chifukwa mnyamata wa m'chitsanzo agwiritsa ntchito chipinda chimene chilipo kale kuseri kwa nyumba. Amene alibe malo otere aike mtengo wa khola padera, ndipo ndi bwino kuti alimange ndi ndalama zake asanalembe. Amalume amamasuka kubwereketsa ndalama zogulira anapiye ndi chakudya, zimene zimasanduka nkhuku zogulitsa, kusiyana ndi zogulira njerwa ndi malata.

Zotuluka

Anapiye 50 sakula onse 50. Ena amafa sabata yoyamba ndi kuzizira kapena kupondana, ena amafa atakula nthawi yotentha. Mlimi wosamala amataya awiri, atatu kapena anayi, ndipo kalata yoona iwerengere anayi. Nkhuku 46 pa K14,000 imodzi zipereka K644,000. Kuchotsapo K600,000 patsala K44,000.

Phindu limeneli ndi lochepa, ndipo wolemba amayesedwa kuti alikometse. Asatero. Amalume ambiri anawetapo nkhuku kapena anaona mnansi akuweta, ndipo kalata yolonjeza kuti K600,000 ibala K500,000 m'masabata asanu ndi limodzi amaizindikira kuti yalembedwa ndi munthu amene sanawerenge. Chimene chimawakopa ndi kuona kuti mwana akudziwa pamene pali malire. M'chitsanzochi malirewo ndi osavuta kupeza. K600,000 kugawa ndi K14,000 zikusonyeza kuti pafunika kugulitsa nkhuku 43 kuti ndalama zolowa zibwerere. Zikafa khumi, zotsala 40 zipereka K560,000, ndipo bizinesi yaluza K40,000. Komanso K600,000 kugawa ndi nkhuku 46 zikusonyeza kuti nkhuku imodzi yadya ndalama zoposa pang'ono K13,000, choncho wogula wonenerera mpaka K12,000 akupita ndi mpamba wa mwini nkhuku.

Ulendo wachiwiri zinthu zimapepukirapo. Zodyeramo ndi zomweramo zilipo kale, ndipo ndalama ya zadzidzidzi ikapanda kuwerengedwa, zolowa zimatsika kufika K530,000, phindu n'kukwera kufika K114,000.

Chimene chimadya phindu kwambiri si imfa ya nkhuku, koma kuchedwa kugulitsa. Buloila wa masabata asanu ndi limodzi amadya pafupifupi magalamu 160 patsiku. Nkhuku 46 zimamaliza makilogalamu oposa asanu ndi awiri tsiku lililonse, ndiye sabata imodzi yodikira ogula ndi thumba lathunthu la K85,000, pafupifupi kuwirikiza kawiri phindu lonse la ulendo woyamba. Wogula pamsika sawonjezera mtengo molingana ndi chakudya chimene nkhuku yadya masiku owonjezerawo. N'chifukwa chake kalata iyenera kutchula ogula: wokazinga chipisi ndi nkhuku pamsika amene walonjeza kutenga zingati pasabata, malo odyera, aphunzitsi ndi anamwino a pafupi. Kungolemba kuti "msika ulipo" sikokwanira. Ndipo ogula a ngongole, aja amati "ndikupatsa pa 27", asawerengedwe ngati ndalama. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Zopempha zingati, zobweza motani

Wopempha asapemphe ndalama zonse. Mnyamata wa m'chitsanzo wasunga K300,000 kuchokera ku soya amene anagulitsa ndi maganyu, ndipo akupempha K300,000 yotsalayo. Munthu amene waikapo zake amadzuka usiku kukaona ngati mbaula yazima, ndipo amalume amadziwa zimenezo.

Pa kabwezedwe m'pamene pamafunika kuganiza mofatsa, chifukwa pali msampha umene umaoneka ngati ulemu. Wolemba amafuna kusangalatsa amalume, ndiye amalonjeza kuti akangogulitsa nkhuku zoyamba abweza zonse. Ndalama zake zimakhalapodi: pa K644,000 akhoza kuchotsa K300,000. Koma zotsala ndi K344,000, pamene ulendo wachiwiri ukufuna K530,000. Ndiye kuti wabweza ngongole ndi mpamba, osati ndi phindu, ndipo atsika kuchoka pa anapiye 50 kufika pa 30 ndi owerengeka, kapena asiyiratu. Amalume alandira ndalama zawo, koma chimene anabwereketsera chafa.

Njira yoyenera ndi kubweza m'magawo atatu a K100,000. Nkhuku zoyamba zikagulitsidwa, pa K644,000 pachoka K100,000, patsala K544,000, zokwanira ulendo wachiwiri ndi K14,000 yapadera. Ulendo wachiwiri ukatha m'manja muli K658,000. Pachoka K100,000, patsala K558,000. Ulendo wachitatu ukatha muli K672,000. Gawo lomaliza likachoka, mnyamata watsala ndi K572,000 zakezake, zodyeramo zake, ndi ogula amene amudziwa. Ulendo uliwonse umatenga masabata pafupifupi asanu ndi anayi: asanu ndi limodzi olera, imodzi yogulitsa, ndi awiri oti khola litsukidwe, lipoperedwe ndi kupuma anapiye ena asanalowe. Maulendo atatu ndi miyezi yoposa isanu ndi umodzi. Zimenezi zikutanthauzanso kuti miyezi yonseyo mwini nkhuku sadyako phindu, choncho ayenera kukhala ndi kwina kopezera sopo ndi ndiwo.

Nkhani ya chiwongoladzanja itchulidwe, ngakhale amalume ambiri sachifuna kwa mwana wa mlongo wawo. Ubwino wa ngongole ya pachibale waonekera pomwepa. Magulu ambiri a banki mkhonde amaika K10 kapena K20 pa K100 iliyonse pamwezi. Pa K300,000 kwa miyezi iwiri imeneyo ndi K60,000 kapena K120,000, zonse zoposa phindu la K44,000. Za katapila n'zosayamba n'komwe. Komabe ndalama imene amalume adzalandire pakatha miyezi isanu ndi iwiri sidzagula zimene ikanagula tsiku lobwereketsa, ndipo wolemba waulemu amasonyeza kuti akudziwa zimenezi. Ena amalonjeza nkhuku imodzi ulendo uliwonse. Ndi mwambo wabwino, bola wolonjeza adziwe kuti nkhuku imeneyo ndi K14,000 yochoka pa phindu lochepa kale lija. Kusiyira amalume kuti anene okha n'kwabwino koposa.

Kalata yake

Pamwamba pamakhala keyala ya wolemba ndi tsiku, monga amaphunzitsira kusukulu pa kalata yaubale. Thunthu lake likhoza kukhala motere:

Okondedwa Amalume,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mayi akunyumba ndi ana. Kuno tonse tili bwino, amayi mwendo uja wayamba kupepuka, ndipo akupereka moni.

Amalume, ndalemba kalatayi kudzapempha ngongole ya K300,000 yoti ndiyambire kuweta nkhuku zanyama 50. Ndikupempha ngati ngongole yoti ndidzabweze yonse, osati chithandizo. Ndinakambirana kale ndi amayi ndipo akudziwa kuti ndakulemberani.

Lachiwiri lapitali ndinapita kusitolo ya zaulimi pa Mponela kukafunsa mitengo, ndipo zofunika zili motere:

Anapiye 50 pa K2,200: K110,000
Chakudya matumba anayi pa K85,000: K340,000
Katemera, mavitamini ndi mankhwala opopera: K25,000
Makala: K30,000
Utuchi: K10,000
Zodyeramo ndi zomweramo: K40,000
Thiransipoti: K15,000
Zadzidzidzi: K30,000
Zonse pamodzi: K600,000

Pa ndalama zimenezi ine ndili ndi K300,000 imene ndinasunga nditagulitsa soya. Khola ndi chipinda chija cha kuseri. Ndachikonza kale, ndatseka mabowo a makoswe ndi kuika waya pamawindo. Ndakhalanso ndikuthandiza neba wathu amene amaweta nkhuku zomwezi, ndipo wavomera kuti tizigawana katemera.

Ndikufuna anapiye afike pa 8 Novembala kuti nkhuku zidzakwane masabata asanu ndi limodzi pa 20 Disembala, nthawi ya Khirisimasi. Ndikuwerengera kuti zinayi zikhoza kufa. Zotsala 46 pa K14,000 zidzapereka K644,000, ndiye phindu loyamba ndi K44,000 yokha. Wokazinga chipisi pamsika walonjeza kutenga 15, malo ena odyera 10, ndipo zotsala ndidzagulitsa kwa aphunzitsi ndi anthu a m'mudzi muno, pa kashi.

Ndikupempha kuti ndidzabweze m'magawo atatu a K100,000: pa 10 Januwale, pa 15 Malichi ndi pa 31 Meyi. Ndikabweza zonse nthawi imodzi ndidzasowa zogulira anapiye ena. Nkhuku zikadzafa ndi matenda, ngongoleyo idzakhalabe yanga, ndipo ndidzabweza ndi soya wa chaka chino ndikakolola. Ngati mungafune kuti pakhale kenakake pamwamba, munene ndinu.

Kusitolo akuti anapiye a Novembala amafunika kulipiriratu, choncho ndingathokoze mutandiyankha pasanafike pa 20 Okutobala. Ngati zonse sizingatheke, ngakhale gawo lake lindithandiza, ndidzachepetsa anapiye. Ngati sizitheka n'komwe, ndidzamvetsa, Amalume, ndikudziwa kuti mumasenza zambiri.

Ndine mwana wanu,

Pansi pake wolemba amasaina dzina lake.

Zimene zili m'kalatamo ndi zimene zasiyidwa

Malonje ndi afupi koma alipo. Kulumphira pa ndalama osafunsa za moyo ndi mwano, koma kudzaza tsamba lonse ndi moni ndi nkhani za mvula kumachititsa amalume kuwerenga akudikira pamene mbola ili. Pempho libwere m'ndime yachiwiri, ndi nambala yake. Ulemu uli m'mawu akuti "Amalume", "inu" ndi "ndikupempha", osati m'kudzichepetsa kopitirira. Kalata yodzaza ndi "ine mwana wamasiye wosauka" imapempha chifundo, ndipo wochitiridwa chifundo sayembekezeredwa kubweza. Osakumbutsanso amalume zimene anachitira ana a alongo ena, kapena kuti amayi ndiwo anawalera. Zimenezo zimamveka ngati kulipiritsa.

Kutchula kuti amayi akudziwa kuli ndi ntchito yake. Amayiwo ndi mlongo wa amalume, ndipo amakhala ngati mboni ya pabanja. Ngongole yobisira makolo imawaika amalume pamalo ovuta tsiku limene zinthu zidzasokonekere.

Ndime yonena za nkhuku zikafa ndi imene ambiri amaiopa, poganiza kuti kutchula tsoka n'kuliitana kapena kuwafooketsa amalume. Koma funso limenelo amalume ali nalo kale m'mutu. Chitopa chikalowa m'khola la nkhuku zosatemera chimatha kupululutsa pafupifupi zonse m'masiku ochepa, ndipo aliyense wokulira kumudzi anazionapo. Wolemba amene wanena yekha kumene ndalama zidzachokere zikatero wayankha funsolo lisanafunsidwe. Chikole chake chikhale chinthu chimene ali nachodi ulamuliro, monga mbewu za m'munda wake, mbuzi yake kapena njinga yake. Munda wa banja si wake woti n'kuulonjeza.

Masiku a m'kalatamo anasankhidwa ndi cholinga. Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano ndi nthawi imene nkhuku zimayenda malonda, ndipo n'chifukwa chake anapiye a Novembala amalimbiranidwa. Kutentha kwa mwezi umenewo kumachepetsa makala, koma nkhuku zikakula mu Disembala zimafuna mpweya wokwanira ndi madzi osatha, ndiponso utuchi ukanyowa ndi chinyezi cha mvula umabweretsa matenda otsegula m'mimba a magazi. Ulendo wachiwiri umagwa mu Febuluwale, mwezi umene anthu ambiri ndalama zawo zimathera ku chimanga, ndiye malonda amayenda pang'onopang'ono. Ichi ndicho chifukwa masiku obwezera aikidwa patali pang'ono ndi masiku ogulitsa. Ndi bwino kulonjeza pa 15 Malichi n'kubweza pa 5, kusiyana ndi kulonjeza pa 1 n'kuyamba kuzimitsa foni.

Amalume akayankha

Yankho likhoza kukhala la theka: "Ndili ndi K150,000 yokha." Pamenepo wolemba asaumirire anapiye 50 ndi ndalama zosakwana. Ndi K450,000 yonse pamodzi, achotse K70,000 ya ziwiya ndi zadzidzidzi, ndipo K380,000 yotsalayo aigawe ndi K10,600, yomwe ndi ndalama imene mwanapiye mmodzi amadya mpaka kugulitsidwa. Zikupereka anapiye 35. Awerengenso zonse, atumize manambala atsopano, ndipo magawo obwezera achepe molingana.

Ndalama zikabwera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, uthenga wake usungidwe, ndipo wolandira akumbukire kuti potapa pamadulidwa kenakake. Chanzeru ndi kulipira anapiye ndi kugula matumba onse anayi sabata yomweyo, n'kuwasanja pamatabwa pouma, osati pansi. Ndalama yokhala m'foni imamva mavuto a pakhomo, ndipo mtengo wa chakudya sudikira. Amalume ena amasankha kugula okha chakudyacho ku Lilongwe n'kuchitumiza pa minibasi m'malo mopereka ndalama. Wopempha asakhumudwe nazo. Pa K300,000 ya m'chitsanzo ndi matumba atatu ndi theka, chinthu chomwecho chimene iye akanagula.

Kuyambira tsiku limene anapiye afika pakhale kope lolembamo zogula zonse, nkhuku zakufa ndi tsiku lake, katemera, ndi aliyense wogula. Malisiti ajambulidwe n'kutumizidwa kwa amalume osadikira kuti afunse, pamodzi ndi chithunzi cha nkhuku kamodzi pa masabata awiri. Zikavuta, monga anapiye asanu ndi atatu kufa sabata yoyamba, amalume amve tsiku lomwelo kuchokera kwa mwini ngongole, ndi manambala okonzedwanso osonyeza kuti gawo loyamba lichedwa kapena lichepa ndi zingati. Gawo lililonse likabwezedwa, wobweza alembe uthenga wonena ndalama imene watumiza ndi imene yatsala, ndipo amalume avomereze. Pa 10 Januwale uthengawo ungonena kuti: "Amalume, ndatumiza K100,000, yatsala K200,000."